Lipoti la kafukufuku wa pulogalamu ya ulimi wothirira ndi mapampu a sola ku Chigwa cha Shire

Kwa: Mkulu woyang'anira pulogalamu
Lipitenso kwa: Makomiti a chitukuko a m'madera ndi makomiti a masikimu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje
Nthawi yomwe taunika: Zaka za chuma za 2023/24 ndi 2024/25

Chomwe tapeza

Mapampu onse 24 omwe boma linalipira anafika ndipo anaikidwa. Malisiti ndi mavaucha alipo, sitinapeze ndalama yosowa. Koma pa masikimu 16 omwe tinayendera, 8 okha ndiwo akutulutsa madzi othirira, ndipo malo omwe akuthiriridwa ndi mahekitala 52 pa mahekitala 160 omwe analonjezedwa. Gwero lalikulu la vutoli ndi lakuti pofuna kupulumutsa K36 miliyoni, oyang'anira anachotsa mu bajeti ntchito yoyeza madzi asanaike mapampu.

Za pulogalamuyi ndi momwe tinafufuzira

Pulogalamuyi inayamba namondwe wa Freddy atangosakaza m'chigwa muno mu Malichi 2023, anthu asanaiwale za Ana ndi Gombe a mu 2022. Cholinga chinali chakuti mabanja 2,400 azikolola kawiri pa chaka pa mahekitala 240, m'masikimu 14 a ku Chikwawa ndi 10 a ku Nsanje, makamaka kumadera omwe ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira sidzafikako. Ng'amba ya El Niño ya 2023/24 inaonetsa kuti ganizoli linali loyenera, ndipo ife sitikulitsutsa.

Tinatsata ISSAI 3000, ndondomeko ya padziko lonse younikira momwe ntchito za boma zayendera, ndi kudzifunsa mafunso atatu: kodi katundu anagulidwa pa mtengo woyenera, kodi zomwe zinagulidwazo zikugwira ntchito mokwanira, ndipo kodi njala yachepa m'mabanja omwe anasankhidwa? Tinawerenga mafailo a matenda, tinayenda m'masikimu mu Okutobala 2025, tinayeza madzi ndi minda, ndipo tinacheza ndi makomiti, mafumu ndi alangizi a zaulimi. Tinasankha dala Okutobala chifukwa ndi mwezi womwe dzuwa limaswa mtengo kuno, pomwe sikimu yothirira imaonekera ngati ili ndi moyo kapena ayi.

1. Kusamala ndalama pogula

Tenda inalengezedwa poyera monga linkanenera lamulo logulira katundu wa boma la 2017, makampani asanu anapikisana, ndipo yomwe inapambana inali yotsika mtengo pa zomwe zinakwaniritsa zofunika. Apa palibe chodandaula.

Koma kontilakiti inagona pa tebulo masabata khumi ndi limodzi kudikira siginecha. Ili chigonere, ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mapanelo, mapampu ndi makontirola oyendetsa mapampuwo zonse zimachokera kunja, choncho mtengo unakwera kuchoka pa K1.5 biliyoni kufika pa K1.92 biliyoni, kapena kuti K80 miliyoni pa sikimu. Kutsika kwa kwacha sikunali m'manja mwa oyang'anira, koma kuchedwa kusaina kunali m'manja mwawo, ndipo mufailo mulibe kalata yofotokoza chomwe chinachedwetsa.

Mtengo utakwera, anayamba kufunafuna podula. Anadula mpanda, anachepetsa mathanki, nadulanso K1.5 miliyoni ya sikimu iliyonse yoyezera mchere wa m'madzi ndi kuchuluka kwa madzi a pachitsime. Zoti madzi a pansi m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere si nkhani yachilendo. Mayi aliyense wotunga pa mjigo cha ku Ngabu akhoza kukulozerani mjigo womwe madzi ake sachita thovu ndi sopo. Pa masikimu 9 odalira zitsime omwe tinayendera, 5 ali ndi madzi a mchere wa pakati pa 3.8 ndi 5.6 dS/m, womwe ndi mlingo woyezera kuchuluka kwa mchere m'madzi. Muyezo wa bungwe la FAO umati madzi opitirira 3 dS/m ndi oopsa kwambiri pa ulimi wothirira, ndipo nyemba ndi chimanga ndi zina mwa mbewu zosachedwa kugonja ku mchere. Pa sikimu ina ya kumadzulo kwa msewu wa M1 tinapeza mizere itayera mbuu pamwamba, dothi litauma gwa, mapesi a chimanga cha chaka chatha atalekera m'mawondo. Pampu ikuyenda bwinobwino, koma alimi anaitseka okha atazindikira kuti ikuwaphera nthaka.

Masikimu asanu amenewa anadya K400 miliyoni. Ndalama yomwe inapulumutsidwa posayeza madzi m'masikimu onse 24 siikwana ndi 2 peresenti ya ndalama zonse za pulogalamu. Chigamulo chathu ndi chakuti ndalama sizinasamalike pogula, ngakhale mtengo wa pampu iliyonse payokha unali woyenera.

2. Kagwiridwe ntchito ka zomwe zinagulidwa

Masikimu 7 amatunga mumtsinje. Atatu mwa iwo anaima chifukwa paipi yokokera madzi inamangidwa ndi simenti pamalo amodzi, kenako mtsinje unasuntha. Mitsinje ya kuno simakhalitsa pa njira imodzi. Ruo, Mwanza ndi Shire yemwe amakwirira khwawa ndi mchenga chaka chino, chaka chamawa n'kutsegula lina, ndipo aliyense amene anaona madzi a mu Januwale 2015 amadziwa zimenezi. Pa sikimu ina ya kum'mawa kwa Shire tinayeza mamita 140 kuchokera pakamwa pa paipi kufika pomwe madzi ali tsopano. Alimi anayesa kukumba ngalande ndi makasu, koma mchenga umagumukiramo, komanso amaopa ng'ona. Pampu yoyandama kapena paipi yotheka kuisuntha bwenzi itathetsa vutoli, ndipo mlangizi wa m'deralo analemba zimenezi mu lipoti lake ntchito isanayambe. Lipotilo tinalipeza mufailo lopanda yankho.

Masikimu 8 omwe akugwira ntchito akuthirira mahekitala 52 pa 80. Chifukwa chake chachikulu ndi thanki. Pampu ya sola imakoka mwamphamvu dzuwa likakwera, cha m'ma 9 koloko mpaka cha m'ma 3, pomwe alimi amafuna kuthirira m'mawa kwambiri ndi madzulo kuti madzi alowe pansi. Sikimu iliyonse inapatsidwa thanki imodzi ya malita 10,000. Madzi amenewo mukawamwaza pa hekitala imodzi amangokwana milimita imodzi, chonsecho chimanga chokula chimafuna mamilimita 6 kapena 7 pa tsiku nyengo yotentha ngati ino. Motero onse amakakamizika kuthirira masana, madzi ambiri amathera m'ngalande za mchenga zosawaka, ndipo a kumapeto kwa sikimu samawaona. Mndandanda wa omwe anasiya mapuloti awo ukuonetsa kuti ambiri ndi amayi amasiye ndi okalamba, omwe anapatsidwa malo a kumapetowo. Izi zinatikhudza, chifukwa amenewa ndiwo pulogalamu inawaika patsogolo posankha.

Pa nkhani yokonza zowonongeka, chitsimikizo cha kontilakitala cha miyezi 12 chinayamba kuwerengedwa tsiku lomwe katundu anafika kosungira, osati tsiku lomwe pampu inayamba kutulutsa madzi. M'masikimu ena chinatsala ndi miyezi inayi yokha pomwe alimi amayamba kuthirira. Kontirola itapsa pa sikimu ina ya ku Nsanje, panatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti ina ibwere, nyengo yonse ya dimba n'kudutsa. Mpanda nawo ndi nkhani: kuno ng'ombe ndi mbuzi zimamasulidwa anthu akakolola, ndipo munda wobiriwira pakati pa chilala umaziitana zonse.

Pa mapulani oyamba, hekitala imodzi yothiriridwa imayenera kudya K6.25 miliyoni. M'masikimu omwe tinayendera yadya K24.6 miliyoni, pafupifupi kuchulukitsa kanayi.

3. Kukwaniritsa cholinga

Malipoti a pulogalamu amati ntchito inatheka 100 peresenti. Amatero chifukwa chomwe amawerenga ndi mapampu oikidwa. Palibe fomu yofunsa mahekitala omwe alandira madzi, matumba omwe akololedwa, kapena mwezi womwe chakudya chimathera pakhomo. Kalembera wa momwe mabanja analili pulogalamu isanayambe sanachitike, kotero oyang'anira alibe poyambira kuonetsa kuti njala yachepa.

Komwe madzi akufika, phindu likuoneka ndi maso. Sikimu ina ya m'dera la Makhuwira ikuthirira mahekitala 9 pa 10. Komiti yake imatolera K3,000 pa puloti nyengo iliyonse, inalemba mlonda wa usiku, inatchinga ndi minga, ndipo ana a sukulu amapukuta fumbi pa mapanelo Loweruka lililonse. Amadzala mosiyanitsa masabata kuti dowe asapsere pamodzi, ndipo mavenda a ku Nchalo ndi ku Blantyre amadzagula pamunda pomwepo. Msungichuma wawo, mayi wachikulire, anatitulutsira kope la sukulu momwe analemba ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, nati: "Abwana, musationere pampu. Bwerani mu Febuluwale mudzaone ngati pakhomo panga pakufuka utsi." Iwo akuti chaka chino sanapite ku ganyu yolipidwa madeya. Muyezo wa mayiwa ndi womwe pulogalamu imayenera kukhala nawo kuyambira pachiyambi, ndipo kope lawo lili ndi zambiri zothandiza kuposa malipoti a kotala omwe tinapatsidwa.

Chigamulo chathu ndi chakuti cholinga chakwaniritsidwa pa gawo limodzi mwa magawo atatu a malo omwe tinayeza.

Yankho la oyang'anira

Oyang'anira avomera za kuchedwa kwa kontilakiti ndi za chitsimikizo. Pa za mchere akuti nthawi inali yochepa, anthu anali ndi njala, ndipo panali chikakamizo chakuti mapampu aoneke msanga. Tikumvetsa chikakamizocho, koma kuyeza mchere pachitsime ndi ntchito ya tsiku limodzi ndi kachipangizo kogwira m'manja, choncho sitikusintha zomwe talemba. Akutinso masikimu 8 omwe sitinafikeko akuyenda bwino. Tinapempha umboni wa zokolola zake, ndipo pomwe timatseka lipotili unali usanabwere.

Zoyenera kuchita

1. Gawo lachiwiri la pulogalamu lisayambe kugula kanthu mpaka madzi a malo aliwonse atayezedwa m'chilimwe, zotsatira zake zitasainidwa ndi katswiri wa za madzi ndi komiti ya sikimu.
2. Mapanelo ndi mapampu a m'masikimu asanu a mchere asamutsidwire komwe kuli madzi abwino m'dera la mfumu yomweyo, mokambirana ndi eni ake, mvula ya chaka chino isanatseke misewu. Mabanja a m'masikimu amenewa akhale oyamba kupatsidwa mapuloti.
3. Masikimu atatu okwiririka apatsidwe mapaipi osunthika.
4. M'masikimu omwe akugwira ntchito, ngalande yaikulu iwakidwe, posungira madzi pakulitsidwe, ndipo ndandanda wothirira uziyambira kumapeto.
5. Makontilakiti atsopano anene kuti chitsimikizo chikuyamba tsiku lomwe madzi afika m'munda, ndipo anyamata ndi atsikana awiri pa sikimu aphunzitsidwe kukonza zing'onozing'ono.
6. Lipoti la kotala lizinena mahekitala othiriridwa, zokolola, ndi mwezi womwe chakudya chinatha m'mabanja osankhidwa.

Oyang'anira atitumizire ndondomeko yokwaniritsira mfundozi, yokhala ndi dzina la udindo wa woyankha pa mfundo iliyonse, pasanathe masiku 30 chilandirireni lipotili. Tidzabweranso kudzayendera masikimu onse 24 mu Okutobala 2026.

Mtsogoleri wa gulu lofufuza
Disembala 2025