Kalata kwa a Naphiri: nyimbo zoyenda limodzi ndi "Linny Hoo"

Zomba, 14 Juni 2025

Okondedwa a Naphiri,

Ndalandira uthenga wanu wakuti pa phwando la mayi anu la zaka 70 mukufuna nyimbo zokwanira maola awiri, ndipo zonse zikhale zofanana ndi "Linny Hoo" ya a Giddes Chalamanda, imene mlongo wangayo saileka kuimvera. Mwadandaula kuti mutalemba mawu akuti rege pa foni yanu ku Joni uko munapeza nyimbo zambirimbiri, koma palibe ndi imodzi yomwe imene inawafika pamtima. Zimenezo sizinandidabwitse, pakuti dzina la mtundu wa nyimbo ndi dengu lalikulu kwambiri, ndipo chimene mayi anu akukonda mu nyimboyi si rege ayi.

Muyambe mwadziwa kuti nyimboyi anthu amaimva m'njira ziwiri. Pali kaimbidwe ka a Chalamanda okha ndi gitala yawo yosalumikiza ku magetsi, ndiponso pali kaja ka mu 2020, pamene anaimba ndi Patience Namadingo mothandizidwa ndi zida zamakono, kamene pambuyo pake kanafala dziko lonse kudzera pa TikTok. Mayi anu ndinawafunsa Lamulungu lapitali, ndipo anati zonse ziwiri ndi zabwino, koma akamamvetsera khutu lawo limakhala pa nkhalambayo. Yankho limeneli ndi limene ndatsata posankha.

Liwiro ndi losavuta kuyeza, choncho sinditayapo nthawi. Muike nyimboyo, muzigunda phazi pansi monga mmene thupi likufunira, muwerenge kugundako kwa masekondi 15, kenako muchulukitse kanayi. Chimene mwapezacho ndi kugunda kwa pa mphindi imodzi. Chenjezo ndi lakuti nyimbo za rege zimanyenga, chifukwa gitala imakhapa pakati pa kugunda kwenikweni, motero wina akhoza kuwerenga 75 pamene mnzake pa nyimbo yomweyo wapeza 150. Ine ndimadalira mapazi a anthu akuluakulu: ngati gogo angathe kuvina nyimbo atanyamula mbale ya nsima osataya ndiwo, liwiro lake ndi la gulu la "Linny Hoo". Pa chifukwa chimenechi amapiano amene ana anu akuumirira muwasungire usiku.

Mtima wa nyimbo ndi umene anthu ambiri amaphonya. Iyi ndi nyimbo ya bambo woimbira mwana wake wamkazi, yachimwemwe chodekha, chopanda mkwiyo ndiponso chopanda maliro. Nyimbo za Evison Matafale wa ku Chileka, amene anamwalira mu 2001, ndi rege yeniyeni ndipo liwiro la zambiri mwa izo likhoza kugwirizana ndi limene mukufuna, koma zimanyamula ulaliki ndi kulira kwa anthu oponderezedwa, moti pa phwando la kubadwa zikhoza kuchititsa alendo kuyamba kusinkhasinkha m'malo momwetulira. Ndimazilemekeza kwambiri, koma pa tsikuli ndazisiya. Chimodzimodzinso nyimbo zandale za Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024. Kwa iyeyo ndi kwa mkulu wake Paul Banda mutengeko zachikondi ndi zauzimu zokha, ziwiri kapena zitatu, podziwa kuti kaimbidwe ka ku Balaka kamatsamira pa kiyibodi ndipo kamamveka kosalala kuposa ka a Chalamanda.

Tsopano pa zida ndi pamene pali chuma. Gitala ya a Chalamanda imamveka ngati ili pakhonde pomwepo, nsambo zikulira mouma, popanda chophimba mawu a woimba. Wachibale wake wapafupi pa zimenezi ndi Allan Namoko wa ku Thyolo, woimba wosaona amene ankatsogolera Chimvu River Jazz Band, ndipo ankaimba ndi banjo ndi ng'oma zopanga pamudzi. Muyambe ndi "Lameki", imene mayi anu ankaimva pa wailesi ali mtsikana. Banjo imalira mothwanima kuposa gitala ndipo mawu ake sachedwa kuzima, n'chifukwa chake woimba amakhwatcha nsambo mosalekeza, zimene zimachititsa nyimbo kumveka yothamanga ngakhale pamene mapazi akuyenda pang'onopang'ono. Musanyengedwe ndi dzanja la woimbayo, muwerenge ndi phazi monga ndanenera.

Pambuyo pa Namoko muike Daniel Kachamba, wa m'mudzi wa Singano pafupi ndi Chileka, amene anabadwa mu 1947 n'kumwalira mu 1987. Iye ndi mng'ono wake Donald ankaimba kwela, kaimbidwe ka chitoliro chachitsulo, gitala, chisekese ndi besi ya nsambo imodzi, kamene kanatchuka m'misewu ya ku Joni komweko m'zaka za m'ma 1950 kasanafike kuno. Alendo anu a ku South Africa akadzamva chitolirocho adzachizindikira. Komabe pa mndandanda wa mayi anu ndikadakonda nyimbo zimene Daniel ankaimba yekha ndi gitala, chifukwa m'menemo chala chachikulu chimayendetsa besi pamene zala zina zikuimba nyimbo pamwamba, ndipo munthu mmodzi amamveka ngati awiri.

Mwa oimba a masiku ano, Madalitso Band ya ku Lilongwe, ya Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, ili ndi zida zoyenera ndithu: besi ya nsambo imodzi yotchedwa babatoni, gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma yogunda ndi chidendene. Vuto lake ndi liwiro, pakuti anyamatawa amathamanga. Muwaike kumapeto, anthu atadya ndipo mipando yakankhidwira kukhoma.

Chotsala ndi mawu a woimba, ndipo kwa ine ichi ndicho chachikulu pa zinthu zinayi zonsezi, zomwe ndi liwiro, mtima wa nyimbo, zida ndi mawu. A Chalamanda anabadwa mu 1930 ku Chiradzulu, kutanthauza kuti pojambula ndi Namadingo anali ndi zaka 90, ndipo zaka zimenezo zimamveka pakhosi pawo: mawu osasa pang'ono, onjenjemera pothera mzere, olowa mochedwerako ngati munthu amene akukamba nkhani osati kuimba. Oimba ambiri amakono mawu awo amawongoledwa ndi makina mu situdiyo mpaka mabampu onse kutha, ndiye ngakhale liwiro ndi zida zitafanana, mayi anu adzati nyimboyo ilibe mchere. Poyesa nyimbo iliyonse mudzifunse ngati mukumva kupuma kwa woimbayo pakati pa mizere. Namoko amapambana mayeso amenewa mosavuta, ndipo Stonard Lungu, amene ankaimba modekha ndi gitala yake, ndi wachiwiri, kungoti nyimbo zake zina ndi zachisoni, choncho muzimvetsere mpaka kumapeto musanaziike.

Simudzapeza nyimbo yofanana ndi "Linny Hoo" pa zinthu zonse zinayi, ndipo musavutike kuifuna. Lamulo limene ndatsata ndi lakuti nyimbo igwirizane nayo pa mawu a woimba ndi pa chinthu china chimodzi, ndipo isasemphane nayo pa mtima. Ndondomeko yake ikhale yotere: alendo akamafika, a Chalamanda okha ndi gitala, kenako Lungu ndi Kachamba, pa chakudya, za ku Balaka zija, podula keke, "Linny Hoo" ya 2020, ikatha imeneyo Namoko, ndipo Madalitso Band itsekere.

Zojambula zakale za Namoko ndi Kachamba zimamveka motsika kuposa zatsopano, choncho mumuuze mnyamata woyendetsa zokuzira mawu kuti aziyeseretu dzulo lake, asadzadzidzimutse anthu posintha nyimbo. Makaseti anga awiri a Namoko ndawapereka kwa a Jere, amene akukwera basi ya ku Joni Lachisanu likudzali, ndipo mudzandibwezere phwando likatha.

Ndine malume anu,
E. Mbewe