Dongosolo langa la ndalama ndi masiku ogwira ntchito, Novembala 2025

Mgwirizano wanga ndi kampani yosamalira okalamba m'nyumba zawo kuno ku England sulonjeza maola alionse, ndipo ndandanda wa ntchito ya sabata yotsatira umatuluka Lachinayi madzulo. M'masabata asanu ndi atatu apitawa, sabata yabwino kwambiri ndinagwira maola 38, pamene sabata imene agogo awiri omwe ndimawasamalira anagonekedwa m'chipatala ndinagwira maola 14 okha. Pachifukwa ichi, ndalama zonse za mwezi uno ndiziwerengera pa maola 20 pasabata, ngakhale kuti kawirikawiri ndimapitirira pamenepo.

Ndimalandira mapaundi 12.50 pa ola, omwe akuposa pang'ono mapaundi 12.21 amene boma linakhazikitsa mu Epulo 2025 ngati malipiro otsikitsitsa a munthu wazaka 21 kupita m'tsogolo. Maola 20 andipatsa mapaundi 250, ndipo popeza msonkho wa boma wotchedwa National Insurance amayamba kuudula pa ndalama zopitirira mapaundi 242 pasabata, zodulidwa m'sabata yotere ndi zochepa. Lendi ya chipinda itenga mapaundi 110, basi 25, chakudya 45 ndi foni 5, zonse pamodzi mapaundi 185. Kwa amayi kumudzi ndizipatula mapaundi 40 pasabata ndi kutumiza kamodzi kumapeto kwa mwezi, ndipo ndawauziratu chiwerengero chimenechi kuti asamayembekezere zambiri akamva kuti ndinagwira ntchito usiku.

Ndalama za tchuthi, zomwe amaziwonjezera pamalipiro pa mlingo wa 12.07 peresenti, sindiziika m'gulu la ndalama zodyera, chifukwa tsiku limene ndidzapume palibe china chimene ndidzalandire. Zochokera ku maola opitirira 20 ndizisunga padera mpaka zikwane mapaundi 370, okwanira kundisunga masabata awiri opanda ntchito.

Kuofesi ndawalembera kuti ndizipezeka kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, 7 koloko m'mawa mpaka 2 koloko masana, komanso Loweruka usiku wonse. Lachisanu ndalisiya lotseguka, koma ndivomera ntchito pokhapokha atandiuza Lachinayi 8 koloko usiku isanakwane. Lamulungu sindigwira, ndipo ntchito ya m'mamawa yotsatizana ndi ya madzulo ndiikana ngati pakati pake palibe maola 11 opuma amene lamulo limanena.

Sindivomeranso ulendo wa mphindi 30 zokha kunyumba yakutali, chifukwa mwezi watha ndinakhala m'basi mphindi 50 kukathandiza agogo ena kumwa mankhwala ndi kuwatenthetsera chakudya, ndipo chimene ndinapeza pa ulendowo chinali mapaundi 6.25. Nthawi yoyenda kuchoka kunyumba ya wodwala mmodzi kupita kwa wina imawerengedwa ngati nthawi ya ntchito poona ngati malipiro akufika pa mlingo wa boma, kotero ndiziilemba m'kope tsiku lililonse ndi kuiyerekeza ndi pepala la malipiro likatuluka.