Chisomo, Mnyamata wa ku Chinkhoswe Uja Umuyankhe Chonchi

Chisomo mng'ono wanga,

Ndaona zomwe wanditumizira. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinali ndikumalizitsa kuluka kasitomala, manja ali mafuta okhaokha. Ukuti uthenga wautsegula kale, timizere tija tasanduka tabuluu, ndipo kuyambira 9 koloko wangogwira foni m'manja, kulemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Khazika mtima pansi. Mnyamata wolemba uthenga ngati umenewu nayenso mtima uli m'mwamba, akungoyang'ana foni ngati mlimi woyang'ana mitambo mu Novembala.

Tiyambe ndi zomwe Yamikani, mnyamata wa ku chinkhoswe uja, walembazo. Akuti: “Chichokereni ku chinkhoswe kuja tulo sindikutipeza. Kodi munandithirira chiyani mu mpunga muja?” Mnyamatayu wayesetsa, sanangoti “bho” ngati enawa. Ndiye nawe usamuyankhe ndi kachithunzi koseka kokha. Lemba kuti:

“Mpunga unali Kilombero wa ku Karonga, ophika anali azakhali anga. Ine ndimangogawa mbale. Ngati tulo tasowa kafunseni iwowo.”

Ngati mumtima mwako muli kachimwemwe ndipo ukufuna apitirize kulankhula, tenga iyi:

“Anadya mpunga umene uja ndi anthu odzaza bwalo lonse, wosowa tulo ndinu nokha. Tafotokozani bwino, vuto lili pati?”

Ine ndikadakhala iwe ndikadatumiza yoyambayo. Sukuvomera, sukukana, ndipo mpira wabwerera kwa iye. Panopa sukudziwa ngati ukumufuna, ndiye palibe chifukwa choti yankho lako linene zoposa zomwe mtima wako ukudziwa.

Chinthu chimodzi ugwiritsitse: khala pa “inu”. Iye wayamba mwaulemu, koma sipapita masiku awiri uona wayamba “iwe”, kenako “bebi”. Zikatero umufunse:

“‘Iwe’ ameneyu mwamutola kuti? Dzulo lomweli tinali pa ‘inu’.”

Akati “bebi”, umuuze kuti, “Bebi ali kumsana kwa amake. Ine ndine Chisomo.” Mnyamata wanzeru amaseka n'kubwerera pamalo pake. Wopsa mtima ndi kanthu kakang'ono ngati aka wakuonetseratu khalidwe lake usanataye ngakhale bandulo ya tsiku limodzi.

Tsopano ndikudziwa zomwe zibwere, chifukwa atsikana amene ndimawaluka muno amandiwerengera mauthenga awo tsiku lililonse, ndipo anyamatawa amakhala ngati anaphunzira kalasi imodzi. Mawa m'mawa alemba kuti wakulota. Apa wadzikola yekha:

“Usiku munati tulo simukutipeza. Ndiye mwalota nthawi yanji?”

Imeneyi ndimaikonda kwambiri, chifukwa imamuonetsa kuti umamvetsera zomwe akunena ndipo sunamizika ndi mawu otsekemera. Akapezapo potulukira mwanzeru, umupatse mpata: “Chabwino, kumalotoko munanena zomveka? Yambirani pomwe munalekezera.”

Masana afunsa kuti wadya chiyani. Funso ili lilibe mutu, koma ndi mmene amagogodera pakhomo. Yankha:

“Nsima ya usipa ndi chisoso. Mukufunsa kuti muonjezere ndiwo, kapena mukungochita kalembera?”

Akati wakusowa: “Tinaonana tsiku limodzi lokha. Mwasowa chiyani kwenikweni, ine kapena mpunga?”

Akayamba kuyamikira nkhope, kuti ndiwe chiphadzuwa, kuti chitenje chija chinakukhala, usachite manyazi mpaka kumakana kuti ayi sindine wokongola. Ndiwe wokongola, ndipo landira. “Zikomo, ndikawauza amayi, ntchito ndi yawo.” Basi. Koma ukafuna kumuyesa ngati mutu wake umagwira, muponyere mwambi:

“Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Simukuopa?”

Mtsikana wina wa ku Chilomoni amene ndimamuluka anatumiza yomweyi, mnyamata n'kuyankha kuti, “Nyerere sindingaziope, ndine wa Manoma.” Tinaseka saluni yonse mpaka mayi wina amene anali mu dilaya anatulutsa mutu kuti amve. Mtsikanayo anabweza kuti, “Ndiye zavuta, kwathu ndi kwa Maule, malume anga sangakulandireni.” Anacheza mpaka usiku za mpira wokhawokha. Macheza otere ndi amene ndikukufunira, oti nonse mukuseka ndipo palibe amene akukankhidwa.

Funso loti uli ndi chibwenzi lifika msanga. Sukakamizidwa kuyankha tsiku lomwelo.

“Funso limeneli ndi la fomu 4, inu mukadali sitandade 1. Yambani mwafunsa chiwongo changa ndi mudzi wa kwathu.”

Kapena mwachidule: “Mukufunsa m'malo mwa ndani?”

Nanga pamene mutu waima ndithu, mawu onse athawa, monga zakuchitikira leromu? Sunga izi zitatu, zimagwira pa uthenga wina uliwonse. “Mwandipeza ndili ndi mthiko m'manja, ndiyankha ndikaphula nsima.” Ina: “Dikirani ndimalize kaye kuseka.” Ndipo ina, imene imawasokoneza kwambiri: “Mawu amenewa mwawakonza nokha, kapena wakuthandizani mnzanu?” Ukatumiza imodzi mwa izi, ika foni pansi, ukasambe, ukatsuke mbale, uganize. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene akukufunadi sangathawe chifukwa wadikira ola limodzi.

Pali mauthenga ena amene amabwera atavala nthabwala koma m'kati mwake muli mbedza, ndipo apa ndikufuna undimvetsetse. Akati umutumizire chithunzi:

“Nkhope ndi yomwe ija munaiona Loweruka, sinasinthe.”

Akalemba pakati pa usiku kufunsa kuti wavala chiyani:

“Ndavala neti ya udzudzu ndi tulo. Mugone bwino.”

Ukatero usayankhenso mpaka kuche, ngakhale atumize mauthenga khumi. Chithunzi chosavala usatumize kwa munthu aliyense, ngakhale atalumbira kuti afufuta, ngakhale utadzayamba kumukonda. Ndinaona mtsikana akulira pampando wanga uno, tsitsi lili theka, chifukwa zithunzi zake zinali zitazungulira m'magulu a WhatsApp a kudera kwawo. Amene anazimwaza ndi yemwe ankamutcha “mtima wanga”. Sindikufuna kudzakuona pampando umenewo.

Za ndalamanso chimodzimodzi. Akati akutumizire bandulo kapena kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, musanadziwane n'komwe, kana mokoma:

“Bandulo ndili nayo. Chomwe chikusowa ndi nkhani yogwira mtima, tumizani imeneyo.”

Ukalandira lero, mawa ayamba kulankhula ngati munthu amene wapereka chikole, ndipo kuseka kwako konse kumakhala ngati kubweza ngongole. Malipiro ako a kusitoloko ndi ochepa, ndikudziwa, koma bandulo ikakuthera undiuze ine.

Akapempha kuti mukumane, ndipo iwe ukufuna, palibe choipa. Uli ndi zaka 23, sindiwe mwana. Koma malo usankhe ndiwe:

“Masana, ku Botaniki, pomwe anthu akutiona. Fanta mugula ndinu, ndipo 4 koloko ndikhala ndikubwerera.”

Akati bwanji osabwera kunyumba kwake, poti kuli phee: “Kunyumba kwa mwamuna amapitako ndi ankhoswe. Mwawakonza kale?” Ndipo tsiku lopitalo undiuze, kapena uuze mnzako amene umakhala naye, kuti wina adziwe komwe uli.

Mwinanso pofika Lachitatu uona kuti mtima wako suli kumeneko. Zimachitika, ndipo sulakwa. Pamenepo nthabwala uzichepetse, chifukwa mnyamata amamva kuseka ngati chilolezo. Yamba ndi mawu amodzi okha, “achimwene”. “Zikomo achimwene, Mulungu akudalitseni.” Ambiri amamva pomwepo kuti chitseko chatsekedwa. Akapanda kumva, nena mosazungulira:

“Zikomo chifukwa cha mawu anu abwino, koma za chibwenzi ayi. Tikhale anthu ongodziwana.”

Usaonjezere zifukwa, usapepese kawiri, ndipo usanene kuti “mwina m'tsogolo” ngati ukudziwa kuti m'tsogolomo mulibe kanthu. Kumusunga munthu pa chiyembekezo chabodza ndi nkhanza kuposa kumukana.

Poti tayamba kale, ndikupatsenso za anthu ena amene si Yamikani, chifukwa mtsikana wogwira ntchito pakauntala nambala yake imayenda. Tsiku lina adzakulembera bambo wa banja lake. Ine zinandichitikira chaka chatha: mwamuna wa kasitomala wanga anatenga nambala yanga mu foni ya mkazi wake n'kulemba kuti manja anga ndi ofewa. Zinandiwawa, chifukwa mayiyo ndimamulemekeza ndipo wakhala akubwera kwa ine zaka zambiri. Ndinayankha kuti:

“Zikomo bambo. Mayi a kunyumba ali bwanji? Muwapatse moni, muwauze kuti Lachisanu ndikuwadikira.”

Sanalembenso. Akakhala bwana wa kuntchito, usaseke naye ngakhale pang'ono:

“Bwana, ndikuona ngati uthengawu wasochera. Za ntchito tikambirana mawa kusitolo.”

Uthenga woterowo uujambule ndi kuusunga. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa kuvutitsa munthu ndi nkhani zogonana, kuntchito komwe, ndipo lamulo la 2016 loona za pa intaneti limati kuzunza munthu ndi mauthenga ndi mlandu. Munthu amene wamukana koma akulimbikira, kapena wayamba kuopseza, safunikanso yankho lanzeru. Mutsekere pa foni, ndipo zikapitirira tipitire limodzi ku polisi, ku ofesi ija yothandiza anthu ozunzidwa.

Koma Yamikani sanafike kumeneko, ndipo mmene ndinamuonera ku chinkhoswe kuja, akunyamula mipando mpaka mdima anzake atakhala pa mowa, sindikumuganizira zoipa. Komabe safunsa anadya phula. Mawa ndimuimbira msuweni wathu Mphatso, poti Yamikani ndi mnzake wa mwamuna wa Mphatsoyo, ndimve ngati mnyamatayu alibe mkazi kapena mwana amene akumubisa, komanso kuti nambala yako anamupatsa ndani.

Pakali pano tumiza ija ya Kilombero ndi azakhali, usasinthe liwu ngakhale limodzi, ndipo usaikepo timitima. Akayankha unditumizire ndione, ndikhala maso mpaka 11 koloko. Amayi usawauze kaye, ungadzuke mawa atauza kale amalume kuti akonze jekete.

Ndine mkulu wako,
Tadala