Kwa omasulira: mawu akuti fine alibe mnzake mmodzi m'Chichewa

Cholakwika chomwe timachipeza kawirikawiri pokonza zolemba zomasuliridwa ndi kuika "bwino" paliponse pamene Chingerezi chanena fine. Musanalembe, yambani mwafunsa kuti akukamba za munthu, thupi lake, kunja, kapena chinthu.

Pa moni, yankho limatsatira mneni wa funso. Muli bwanji? Ndili bwino, kaya inu? Mwadzuka bwanji? Ndadzuka bwino. Mwaswera bwanji? Ndaswera bwino. Wofunsidwa za kudzuka akayankha kuti "ndili bwino", zimamveka, koma khutu limadziwa kuti china chaphonyeka. Achinyamata amati "bho", ndipo mawuwa asalowe m'kamwa mwa mkamwini polonjera apongozi. Samalaninso ndi "ndine wabwino": ameneyo akudzitama khalidwe, sakuyankha moni.

Pa zaumoyo ndi pamene pafunika kusamala kwambiri, chifukwa kulakwa kwake kumapweteka munthu. Wodwala amene wagona ndi malungo adzayankhabe adokotala kuti "ndili bwino", popeza ndi ulemu wa moni. Choncho pa fomu ya kuchipatala musalembe kuti "Muli bwanji?" ayi. Lembani kuti "Mukupeza bwanji m'thupi?" Mayankho ake ali ndi masitepe. "Sindikupeza bwino" ndi wodwala. "Ndikupezako bwino" ndi amene wayamba kutsitsimuka koma matenda akadalipo, ndipo kachidutswa ka -ko ndiko kanyamula tanthauzo lonselo. "Ndachira" ndi amene matenda amutha. Mukalemba "wachira" pamene namwino amangotanthauza kuti mwana akupezako bwino, mayi akhoza kumusiyitsa mankhwala asanathe. Munthu amene wagwa panjinga n'kudzuka amati "sindinavulale".

Za kunja, Mngelezi akati fine amatanthauza tsiku lopanda mvula. Nenani chomwecho: kukhala dzuwa, kulibe mitambo, sikugwa mvula. "Nyengo yabwino" imasocheretsa, chifukwa kwa mlimi wa ku Kasungu mu Januwale, chimanga chikufota, nyengo yabwino ndi mvula imene. Ndipo akaika fine pa mvula, ndi mvula yowaza, monga ya chiperoni cha ku Thyolo ndi Mulanje.

Pa zinthu, "-abwino" amatsatira gulu la dzina: mpunga wabwino, chitenje chabwino, nsalu yabwino. Koma ngati akutamanda, "wapamwamba" ndiye afika: mpunga wa Kilombero ndi wapamwamba. Ufa ukakhala fine ndi wosalala, wosefedwa. Ulusi ndi wopyapyala. Womanga nyumba amene akufuna mchenga wosalala wopakira pulasitala mukamulembera "mchenga wabwino", angamubweretsere wa miyalamiyala wa kumtsinje, umene ndi wabwinodi, koma wa konkire.

Povomera, lembani "chabwino" kapena "palibe vuto". Mlendo wokana nsima yowonjezera amati "zikomo, ndakhuta". Ndipo mukaona fine pafupi ndi khoti, apolisi apamsewu kapena bwalo la amfumu, chimenecho ndi chindapusa.