Chikumbutso cha Pemphero: Lachitatu la Kumapeto kwa Mwezi

Abale ndi alongo, mwadzuka bwanji?

Lero ndi Lachitatu, komanso mwezi ukutha, ndiye ndikudziwa kuti ena mukuwerenga izi mutaimirira, nsapato imodzi ili kuphazi, inayo mukuifunafuna kunsi kwa bedi. Musavutike kumaliza zonse nthawi imodzi. Werengani za m'mawa panopa, za masana muzisungire masana, za usiku zikudikirani. Mapemphero onse a lero mukawaphatikiza sapitirira mphindi 10.

M'MAWA, MUSANATSEKE CHITSEKO

Mawu a lero ali pa Nehemiya 2:1-8. Amene mulibe nthawi, werengani vesi 4 yokha.

Nehemiya sanali wansembe kapena mneneri. Anali pa ntchito ngati ifeyo, woperekera chikho kwa Aritasasta, mfumu ya Perisiya, ndipo nkhaniyi inachitika m'chaka cha 20 cha ufumu wake, cha m'ma 445 Khristu asanabadwe. Anali atamva kuti linga la Yerusalemu lidakali chigumukire ndipo zipata zake zinatenthedwa ndi moto. Nkhaniyo inamudya mumtima, mpaka tsiku lina akupereka vinyo mfumu inaona kuti nkhope yake yagwa. Mwini wake akuvomera kuti anachita mantha kwambiri. Atafotokoza chomwe chamusautsa, mfumu inamufunsa kuti, nanga ukufuna chiyani? Pamenepo, funso litafunsidwa kale koma yankho lisanatuluke, Nehemiya anapemphera kwa Mulungu wakumwamba, kenaka n'kuyankha.

Taganizani kufupika kwa pempherolo. Mfumu ikumuyang'ana, mfumukazi yakhala pambali, ntchito ili m'manja. Sakanapempha kuti atuluke kaye akagwade. Sitiuzidwa n'komwe mawu amene ananena. Mwina linali pemphero la mpweya umodzi, koma linalembedwa ndithu, ndipo mpaka lero tikuliwerenga.

Pali china chimene ndimachikonda m'nkhaniyi, chomwe timachilumpha kawirikawiri. Atapemphera, Nehemiya sanachite chibwibwi. Anatchula nthawi imene adzabwerere, anapempha makalata opita kwa abwanamkubwa a kutsidya kwa mtsinje wa Firate, anapemphanso kalata kwa Asafu, woyang'anira nkhalango ya mfumu, kuti amupatse matabwa. Munthuyu anali atakonzekera. Kuyambira mwezi wa Kisilevi pamene anamva nkhaniyo kufika mwezi wa Nisani pamene analankhula ndi mfumu, panapita miyezi pafupifupi 4 akupemphera, ndipo zikuoneka kuti ankawerengeranso zofunika pa ntchitoyo. Choncho inu amene muli ndi msonkhano lero, pempherani, komanso mapepala anu muwaonenso bwino.

Dzanja lili pachitseko, nenani kuti:

Atate, zikomo pondidzutsa. Ntchito ya lero mukuidziwa kuposa ine, ndi anthu amene ndikakumane nawo mukuwadziwa mayina awo. Mundigwire lilime pamene ndikufuna kuyankha mopsa mtima, munditsegule pakamwa pamene ndikuopa kunena zoona. Za m'nyumba muno ndazisiya m'manja mwanu. Khazikitsani ntchito ya manja anga. M'dzina la Yesu, Amen.

Basi, nyamukani, musachedwe.

PANJIRA

Ngati mwakhala m'basi kapena mukuyenda pansi, tchulani mumtima anthu atatu a kuntchito kwanu, mmodzi mwa iwo akhale uja amene mukamuona mtima umawawa. Simukuyenera kumupempherera zambiri. Kungoti "Ambuye, mumuchitire chifundo lero" kwakwana. Abambo ndi amayi oyendetsa galimoto, chonde, maso akhale pamsewu. Mulungu amamva ngakhale simunatsinzine.

MASANA, MUSANAYAMBE KUDYA

Apa ndi pamene ambirife timagwera, ine ndemwe poyamba. Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira Lolemba.

Ndinatchera alamu ya pafoni kuti izilira 12:50 masana, nthawi yanga yopemphera. Lolemba inalira ndili pakati pokangana ndi mnzanga wina wa muofesi chifukwa cha manambala a lipoti amene sankagwirizana. Ndinaithimitsa osaiyang'ana n'komwe, chala chinangodzipitira chokha, ine n'kupitiriza kukweza mawu. Cha m'ma 4 koloko ndinapeza kuti amene analakwitsa ndine, ndinalemba mzere umodzi kawiri. Ndinakhala duu kuyang'ana kompyuta, manyazi atandigwira. Mawa lake ndinapita kukapepesa, ndipo mnzangayo anangoseka n'kunena kuti, "Achemwali, kumapeto kwa mwezi tonse mitu imatentha." Koma chinandivuta mumtima n'chakuti chikumbutso chinabwera pa nthawi yeniyeni imene ndinkachifuna, ine n'kuchiona ngati chosokoneza.

Kuyambira pamenepo ndasintha. Alamu ndaisiya, koma pemphero la masana ndalimangirira ku chinthu chimene sindingalephere kuchita: kusamba m'manja ndisanadye. Madzi akamatsika pampopi, ndipamene ndimayamba. Inunso sankhani chanu. Mphunzitsi angasankhe pamene belu lalira ndipo ana atuluka, iye akufufuta bolodi. Wogulitsa m'sitolo angasankhe pamene kasitomala watuluka wina asanalowe. Wosoka angasankhe pamene akulowetsa ulusi m'singano, popeza apo amakhala chete kale. Alamu imathimitsidwa, koma zinthu izi zimabwera zokha tsiku ndi tsiku.

Kupemphera pakati pa tsiku si nzeru yatsopano. Pa Salimo 55:17 wamasalimo akutchula madzulo, m'mawa ndi masana. Danieli anali mmodzi mwa nduna zitatu zoyang'anira akalonga 120 mu ufumu wa Dariyo, ntchito yoti wina aliyense akanati nthawi ndilibe, komabe ankagwada katatu pa tsiku, mazenera atatsegula kuloza ku Yerusalemu. Petro pa Machitidwe 10:9 anakwera padenga kukapemphera cha m'ma 12 koloko masana, njala ikumupweteka, chakudya chidakali pamoto. Ndimasangalala kuti wolembayo sanabise za njalayo.

Ndiye masana ano chitani chonchi. Foni iikeni chafufumimba. Mapewa atsitseni, chifukwa mwina simukudziwa kuti kuyambira m'mawa akhala ali m'makutu. Pumani mpweya pang'onopang'ono katatu. Kwa mphindi imodzi musanene kanthu, musapemphe kanthu. Maganizo athawira ku imelo imene simunayankhe, zimenezo n'zachidziwikire, ndipo musadzikalipire. Abwezeni modekha ngati mukubweza mwana amene akukwawira kumoto. Mukatero nenani kuti:

Ambuye, theka la tsiku lapita. Pamene ndachita bwino, ulemu ndi wanu. Pamene ndalankhula mopweteka wina, ndikhululukireni, ndipo mundipatse mphamvu zopita kukapepesa dzuwa lisanalowe. Ndatopa, Ambuye, ndipo ntchito idakalipo. Ndipatseni mphamvu zokwanira maola atsalawa. Dalitsani chakudyachi, mukumbukirenso amene masana ano alibe choika m'kamwa ndi amene akuyenda ndi makalata kufunafuna ntchito. Amen.

Ndinenepo chimodzi, ndipo mundikhululukire ngati ndaponda chala cha wina. Pemphero lisakhale chifukwa chosiyira wodwala pabenchi kapena anthu pamzere. Nthawi ya abwana ndi ya abwana, anatilemba kuti tigwire ntchito. Ndiponso si onse amene timagwira nawo ntchito ali a chikhulupiriro chathu, ndiye palibe chifukwa chokwezera mawu mpaka ofesi yonse imve. Yesu pa Mateyu 6 anati tilowe m'chipinda n'kutseka chitseko, anatinso tisachulukitse mawu popeza Atate amadziwa zosowa zathu tisanapemphe. Ngati chipinda mulibe, masitepe alipo, khonde lilipo, ngakhale mpando wanu womwewo.

CHA M'MA 3 KOLOKO

Iyi ndi nthawi imene Petro ndi Yohane ankapita ku Kachisi kukapemphera, pa Machitidwe 3:1. Kwa ife ndi nthawi imene tulo timabwera ndipo kuleza mtima kumatha. Mukaitanidwa ku ofesi ya abwana, kapena foni ya kasitomala wovuta uja ikalira, kumbukirani Nehemiya. Musanayankhe, mumtima nenani kuti, "Ambuye, ndithandizeni." Petro akumira m'nyanja sananene zambiri kuposa pamenepa.

USIKU

Ambiri timafika kunyumba titatheratu, ana akufuna kuonetsa homuweki, mbale zikudikira. Ndikudziwa kuti ena mumayamba kupemphera mutagona kale, n'kudzidzimuka m'bandakucha musanafike pa Amen. Zinandichitikirapo kosawerengeka. Langizo langa n'lakuti mupemphere mutakhala tsonga m'mphepete mwa bedi, nyale isanazime, foni ili patali ndi dzanja.

Dzifunseni mafunso awiri okha. Ndi chiyani chimene ndingathokoze lero? Chitchuleni ndi dzina lake, musangoti zikomo pa zonse. Mwina ndi mnzanu amene anakugwirirani ntchito mutatuluka pang'ono, mwina ndi mutu umene unasiya kuwawa. Lachiwiri, ndi katundu uti amene ndabwera naye kuchokera kuntchito? Ameneyo mutuleni. Lipoti limene silinathe silitha chifukwa choti mwagona mukuliganizira.

Atate, tsiku latha. Zimene ndamaliza ndi zimene ndalephera, zonse ndazibweretsa kwa Inu. Amene andilakwira ndawamasula, ndipo pamene mtima wanga ukukanabe, mundithandize. Sungani a m'nyumba muno, sungani odwala, sungani amene akugwira ntchito usiku uno pamene ife tikugona. Ndigone mumtendere, pakuti ndinu nokha amene mumandikhalitsa mosatekeseka. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Amene mukufuna kuwerenga musanagone, Salimo 4 lili ndi mavesi 8 okha. Ngati maso akulemera kwambiri, Salimo 117 lili ndi awiri.

Kwa anamwino athu, alonda ndi ena onse a shifiti ya usiku: mayi wina mwa ife anandifunsa sabata yatha kuti, "Nanga ife amene m'mawa wathu umayamba 6 koloko madzulo, tizitani?" Mayi, ingotembenuzani. Pemphero la pachitseko munene pamene mukuvala yunifolomu, la masana munene pakati pa usiku odwala akagona, la usiku munene dzuwa litatuluka mukutseka makatani.

Lero tikumbukire m'bale wathu amene akukayesedwa mafunso a ntchito 10 koloko m'mawa uno, patatha miyezi 7 ali pakhomo. Tikumbukirenso mlongo wathu amene akugonera kuchipatala ndi mwana wake koma m'mawa akumapitabe kuntchito. Mawa tidzawerenga Marko 6:30-32, pamene Yesu anauza ophunzira ake kuti apite padera akapumule, chifukwa anthu obwera ndi opita anachuluka mpaka iwo kusowa mpata woti adye.

Muyende bwino.

Ine mlongo wanu mwa Ambuye.