Lisitingi yabisidwa pa Amazon: mafunso a alamu anga ndi mmene ndinawayankhira

Alamu anga a ku Leicester amagulitsa mafuta a malambe, sopo ndi timatumba ta chitenje pa amazon.co.uk, ndiye mwezi wathawu zinthu 14 zinangosowa pa sechi, maoda zii. Tinakhala pa foni mausiku atatu. Mafunso awo ndi awa, mayankho ndi anga, ndangochotsamo nkhani za ana ndi za maliro akumudzi.

Alamu, palembedwa `Search Suppressed`. Ndiye kuti anditsekera akaunti eti?

Ayi alamu, mtima pansi, akaunti yanu ili bwinobwino. Mawuwo akungotanthauza kuti lisitingiyo yabisidwa, munthu akalemba dzina la mafuta anuwo pa sechi sakuwapeza, koma tsamba lake lilipo ndithu, mukatsegula ndi linki mulipeza, sitoko yanu ili pomwepo. Kungoti ndani amagula ndi linki, anthu amasecha basi, ndipo malonda olipira aja a `Sponsored Products` nawonso amaima pa chinthu chobisidwa. Musasokoneze ndi `Inactive`, imeneyo ndi nkhani ina, nthawi zambiri sitoko yatha kapena mtengo waoneka wachilendo kapena akufuna mapepala. Yobisidwayi kawirikawiri ndi nkhani ya zolemba ndi zithunzi: china chake chikusowa kapena chalembedwa molakwika.

Lipotilo ndilipeza kuti? Ine ndimangoona pa foni.

Siyani foni kaye, tsegulani laputopu. Mu Seller Central, tsamba la Amazon lomwe ogulitsa amayendetserapo malonda awo, muli njira ziwiri. Yachidule ndi `Manage All Inventory`, musefe zobisidwazo, ikufikitsani pa tsamba la `Fix Your Products`. Koma ine ndimakonda lipoti lenileni: `Reports`, kenako `Inventory Reports`, pa mndandanda wa malipotiwo musankhe lomwe dzina lake lili ndi mawu oti `Suppressed`, mudawunilode nkutsegula mu Excel. Mamenyuwa amasinthasintha malo ndiye mukasochera ingolembani mawu amenewo mu bokosi la sechi pamwambapo.

Chifukwa chomwe ndikukakamirira lipoti nchoti pa sikirini mumaona chinthu chimodzichimodzi ndipo mtima umangofuna kudina, kukonza, kudina, kukonza, pomwe mu Excel zonse 14 zimakhala pamaso panu nthawi imodzi ndipo mpamene mumaona kuti si mavuto 14 ayi.

Ndatsegula. Mizere yambirimbiri, ndiyambire pati?

Osayambira pa dzina la katundu. Pitani ku kolamu yomwe ikufotokoza vuto, muisanje kuti zofanana zikhale pamodzi, kenako muwerenge magulu. Taonani zanu: 11 zikunena za `unit_count`, 2 za chithunzi chachikulu, 1 ya mutu. Ndiye mavuto ndi atatu. Kenako dzifunseni kuti 11 zimenezi zikufanana chani, ndipo mwayankha kale nokha, zonse ndi mafuta ndi sopo, palibe kathumba ka chitenje nkamodzi komwe. Onaninso deti lomwe zinabisidwa, zonse 11 tsiku limodzi. Zinthu 11 sizingadwale tsiku limodzi mwangozi alamu, pali chomwe chinachitika tsiku limenelo, ndipo funso ndi limenelo osati loti ndidine pati.

SKU ndi nambala yanu yomwe munapereka nokha, ASIN ndi ya Amazon ndipo ngati pali ena ogulitsa chinthu chomwecho mumagawana ASIN imodzi. Musaiwale zimenezi, tibwererako.

`unit_count` yo nchiyani? Si ndinalemba kale 100ml pa mutu?

Pa mutu mwalembera munthu, makina sawerenga pamenepo. Ku UK kuno zinthu ngati mafuta, sopo, zakudya zimayenera kuonetsa mtengo pa muyezo, kaja kamalembedwa pambali pa mtengo kuti mapaundi mwakuti pa 100 ml, ngati mmene zimakhalira pa shelefu mu supamaketi. Kuti awerengere zimenezo akufuna mabokosi awiri: `unit_count` ndi nambala yokha, `unit_count_type` ndi muyezo wake. Botolo la 100 ml mulemba 100 basi, osaphatikiza zilembo. Paketi ya mabotolo atatu mulemba 300, osati 3, apa mpomwe ambiri amagwa chifukwa mukalemba 3 lisitingi ibwerera ndithu koma mtengo wa pa 100 ml uoneka ngati mukugulitsa golide. Sopo ndi magalamu. Ndipo mawu a muyezowo musapeke, tengani ndendende momwe alembedwera pa tabu ya `Valid Values` mu tempuleti, fayilo ya Excel ija yomwe Amazon imapereka yolembamo katundu.

Komatu alamu zimenezo ndinakonza sabata yatha, chimodzichimodzi, zinabwerera, Lolemba zasowanso. Pali munthu akundichita chipongwe?

Hahaha palibe wakulodzani. Lamlungu usiku munapanga chani?

Ndinaapuloda fayilo yanga ija yosinthira mitengo, ngati masiku onse.

Basi wakuba tamugwira. Tumizeni fayiloyo. Mwaona kolamu ya `update_delete`? Mwalembamo `Update` mizere yonse, ndipo makolamu a `unit_count` ali mbee opanda kanthu chifukwa fayiloyi munaipanga kalekale musanadziwe zoti amafunika. `Update` imauza Amazon kuti zonse zomwe ndinakupatsani kale za SKU iyi zichotseni muike zili mu fayilo muno, ndiye bokosi lopanda kanthu limakafufuta zomwe munalemba ndi manja pa sikirini zija. Inu mumakolopa Lachitatu, fayilo yanu yomwe nkudzathira matope Lamlungu, sabata ndi sabata. `PartialUpdate` ndi yomwe imangokhudza mabokosi omwe mwadzaza, enawo nkuwasiya momwe alili. Mu matempuleti atsopano mawuwa amaoneka ngati `Edit (Partial Update)` ndi `Create or Replace (Full Update)`, koma nkhani ndi yomweyo.

Ndiye mukonze kuwiri. Choyamba fayilo yaikuluyo, dzazani makolamu onse awiri kuti ngakhale tsiku lina mutaiwala isafufutenso kanthu. Chachiwiri tumizani kafayilo kokonza, mizere yake izioneka chonchi, kuphatikiza kolamu ya mtundu wa katundu yomwe tempuleti imafuna:

```
item_sku   update_delete   unit_count   unit_count_type
MAL-100    PartialUpdate   100          millilitre
MAL-3PK    PartialUpdate   300          millilitre
```

Ndipo kunena zoona mitengo simuyenera kusinthira mu tempuleti yaikulu, pali kafayilo kakang'ono ka `Price & Quantity` kantchito imeneyo, sikakhudza zolemba zanu mpang'ono pomwe. Amene amagwiritsa ntchito pulogalamu yolumikiza sitoko ya pa webusaiti yawo ndi Amazon, matenda ndi omwewa, mukonze mu pulogalamumo chifukwa ndi yomwe imalankhula komaliza.

Ndaapuloda, palembedwa `Done`. Ndiye zatheka?

`Done` ikungonena kuti fayilo yawerengedwa, sikuti yalandiridwa yonse. Dawunilodani `Processing Report`, muone mizere ingati yadutsa ndi ingati yakanidwa, ndipo yokanidwayo ili ndi nambala ya vuto ndi uthenga pambali. Werengani uthenga wonse mpaka kumapeto, dzina la bokosi lolakwika limakhala mmenemo, anthufe timangoona nambala nkuthamangira kukafunsa anzathu. Zomwe ndimakumana nazo kwambiri: 99001 ndiye kuti bokosi lofunika mwalisiya lopanda kanthu, 90057 mwalemba mawu omwe sali pa mndandanda wovomerezeka ngati kulemba ml mmalo mwa mawu onse, 5665 dzina la burandi silinavomerezedwe ndipo adzafuna zithunzi zoonetsa dzinalo litasindikizidwa pa katundu kapena pa paketi, 8541 bakodi yanu ikugwirizana ndi ASIN yomwe ilipo kale koma zomwe mwalemba zikutsutsana ndi zomwe zili mu katalogi.

Nanga zithunzi ziwirizi? Kumbuyo nkoyera, ndinajambulira pa nsalu yoyera ya pabedi.

Nsalu ya pabedi ndi yoyera kwa inu ndi ine, kwa makina ndi yotuwa. Chithunzi choyamba chimafuna kuyera kwenikweni kwa RGB 255, 255, 255, katundu adzaze pafupifupi 85% ya chithunzi, pasakhale mawu, logo kapena chidindo chomwe mwaikapo nokha, komanso pasakhale zinthu zomwe simukugulitsa. Chanu china chija mwaika chipatso cha malambe pambali pa kathumba, nchokongola zedi, koma chipite pa chithunzi chachiwiri. Mbali yaitali ikhale mapikiselo 1000 kapena kuposa kuti kasitomala azitha kukulitsa. Ndipo musamatumizirane zithunzi pa WhatsApp kenako nkuapuloda zomwezo, zimafika zitachepetsedwa.

Mutu uja walakwa chani?

Mwalemba mawu oti bag kanayi ndipo mwathera ndi zizindikiro zofuula zitatu. Lamulo la mitu lomwe linabwera mu Januwale 2025 linati isapitirire zilembo 200 mmagulu ambiri, liwu limodzi lisabwerezedwe koposa kawiri kupatula timawu tolumikizira, ndipo zizindikiro ngati `!` `$` `?` `_` sizololedwa pokhapokha zili mu dzina la burandi. Chotsani, mukonzenso mu fayilo yaikulu ija.

Chimodzi chakanika. Ndasintha katatu, zikusevedwa, koma pa tsamba sizikusintha.

Ndi sopo wakuda uja eti, amene mumaoda kwa ena? Paja ndinati ASIN mumagawana. Zomwe mumalemba pa ASIN yogawana zimakhala ngati maganizo chabe, makina amasankha za ndani ziwoneke, ndipo ngati mwini burandi analembetsa ku Brand Registry zake ndi zomwe zimapambana. Ndiye mutha kusintha kakhumi osaphula kanthu. Apa tsegulani kesi ku `Seller Support`, ndipo musalembe kalata yodandaula, lembani ASIN, dzina la bokosi, zomwe zilipo pano, zomwe zikuyenera kukhalapo, muikepo chithunzi cha paketi chooneka bwino kulemera kwake ndi bakodi, ndi `Batch ID` ya fayilo yomwe munatumiza. Vuto limodzi kesi imodzi.

Mnzanga wina akuti ndingodilita nkupanga yatsopano, zimathamanga.

Mnzanuyo ali ndi mareviyu angati? Mareviyu amakhala pa ASIN, mukapanga ina mukuyambira pa ziro, komanso kupanga tsamba lachiwiri la chinthu chomwe chilipo kale nkuphwanya malamulo awo. Ndipo ngati katundu wanu ali mu nyumba zosungira za FBA, komwe Amazon amakusungirani nkumakutumizirani kwa makasitomala, mukadilita lisitingi amasanduka `Stranded`, ali pa shelefu mukulipira malo koma sakugulitsidwa. Kuonjezera apo mukapanga yatsopanoyo ndi fayilo yomweyi ibisidwanso Lolemba.

Ndidikire nthawi yaitali bwanji?

Zina zimabwerera pakangotha mphindi 15, zina tsiku lathunthu, zithunzi zimachedwerapo. Musamasinthenso ola lililonse. Mawa madzulo dawunilodani lipoti latsopano, lakalelo silisintha lokha, kenako tsegulani amazon.co.uk ngati kasitomala musecheko dzina la mafutawo. Koma mayeso enieni ndi Lolemba mmawa mutatha kusintha mitengo Lamlungu, mundiuze zikakhala zilipobe zonse 14, ndipo botolo limodzi la malambe lija munandilonjeza pa Khirisimasi ndikulidikirabe.