Pempho lokonza chiwerengero cha msonkho pa satifiketi ya P9

19 Meyi 2025

Kwa Mkulu wa Nthambi ya Malipiro

Bwana,

Ndalandira satifiketi yanga ya P9 ya chaka cha msonkho cha 1 Epulo 2024 mpaka 31 Malichi 2025, koma chiwerengero cha msonkho wa PAYE chomwe chalembedwapo ndi cholakwika. Ndikupempha kuti chikonzedwe.

Malipiro anga a chaka chonse alembedwa bwino, K7,800,000, popeza ndimalandira K650,000 pamwezi msonkho usanachotsedwe. Vuto lili pa msonkhowo. Mapeyisilipi anga onse 12 akusonyeza kuti mwezi uliwonse ndinkadulidwa K132,500, ndipo tikaphatikiza zikukwana K1,590,000. Satifiketi ikunena K1,457,500. Ndalama yomwe ikusowa ndi K132,500, ndendende msonkho wa mwezi umodzi.

Ndikuganiza kuti mwezi womwe unatsalira ndi Novembala 2024, pamene ndinasamutsidwa kuchoka ku nthambi yogulitsa katundu kupita ku sitolo, nambala yanga ya ntchito n'kusintha. Amenewa ndi maganizo anga chabe, mabuku ali ndi inu. Komabe peyisilipi ya mwezi umenewo ikuonetsa kuti msonkho unadulidwa, ndipo ndalama zomwe zinalowa ku banki zikugwirizana nayo.

Ena angati ndi nkhani ya papepala basi, koma kwa ine si yaing'ono. Ndili ndi kanyumba komwe ndimachititsa lendi, choncho ndimayenera kupereka ku MRA lipoti la ndalama zonse zomwe ndapeza pachaka, ndipo satifiketi imeneyi ndiyo umboni wa msonkho womwe ndinalipira kale. Ndikaipereka mmene ililimu, zioneka ngati ndili ndi ngongole ya K132,500, ndipo ndingalipire kawiri ndalama yomwe inachotsedwa kale pa malipiro anga.

Chonde mundipatse satifiketi ina yokonzedwa, yosainidwa ndi kudindidwa. Muonetsetsenso ngati kulakwikaku kunachitika polemba satifiketi pokha, kapena ngati msonkho wa mwezi umenewo sunalembedwe pa dzina langa potumiza ku MRA. Ngati vuto linafika kumeneko, pepala latsopano lokha silithandiza. Pafunika kukonzanso zomwe munatumiza kumeneko, ndipo mundidziwitse m'kalata zikatheka.

Ndaphatikiza pa kalatayi makope a mapeyisilipi onse 12, sitetimenti ya ku banki ya Novembala 2024, kalata yondisamutsa ija, komanso kope la satifiketi yolakwikayo. Satifiketi yeniyeniyo ndidzabweza tsiku lotenga yatsopano.

Ndithokoza zikakonzedwa pofika pa 6 Juni 2025. Ngati pali china chofunika kufotokoza, ndimapezeka ku sitolo masiku onse a ntchito, ndipo ndikhoza kubwera ku ofesi yanu ndi mapepala enieniwo.

Ine wanu pantchito,

Woyang'anira sitolo
Nambala ya ntchito 0417 (kale 0286)